Nkhunzi ya gulu iyambire pa madeya: zomwe ndinauza alimi anzanga kuno ku Ngabu

Ndalemba izi chifukwa anthu angapo a mbali ya ku Bangula ndi ku Nchalo akhala akundifunsa kuti kodi gulu lathu tinaliyamba bwanji mpaka kufika pokhala ndi nkhunzi yathuyathu, nde ndaona kuti bola ndingolemba zomwe ndinayankhula tsiku lomwe tinagwirizana lija komanso zomwe zinatsatira. Ine ndine mlimi wa ng'ombe basi, sindine mlangizi, koma ndakhala ndi ng'ombe kuyambira ndili m'busa wa bambo anga ndipo zambiri ndinaziphunzira pofunsa alangizi a ziweto ndi kuona ndi maso.

Gulu lathu poyamba linali la dibi chabe, timasonkha ya mankhwala a nkhupakupa kenako aliyense kwake. Tinalipo anthu 18, amayi 7 abambo 11. Itatha mvula ya 2023, chaka chija namondwe wa Freddy anatikokolera ziweto mu Malichi, makola ambiri anatsala opanda nkhunzi yooneka, zomwe zinatsala nzija ting'onoting'ono tongothamanga mu dambo. A tcheya anandipempha kuti pa msonkhano wa mu Meyi ndifotokoze ganizo lomwe ndinkangolinena tikakumana ku dibi. Panalinso a nyakwawa athu ndi alangizi a ziweto a m'dera lathu.

Ndinayamba ndi funso. Ndinati, a mfumu, amayi ndi abambo, aliyense aganize ng'ombe yake yaikazi yomwe amainyadira, pa zaka zinayi zapitazi yaswa kangati? Ambiri anati kawiri, ena kamodzi. Nde ndinati bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283, miyezi 9 ndi masiku pang'ono, kutanthauza kuti ng'ombe yodya bwino yomwe yapeza nkhunzi pa nthawi yake ikhoza kumaswa chaka ndi chaka. Ife zathu zikudumpha chaka, nde pa ng'ombe iliyonse tikutaya ana awiri pa zaka zinayi, ndipo sakuba ndi akuba ayi, akutayika mu Okutobala ndi Novembala pamene msipu wapsa, ng'ombe yaonda nthiti kuwerengeka. Ng'ombe yoonda siifuna nkhunzi. Thupi lake limayamba kaye ladzipulumutsa lokha ndi kuyamwitsa mwana ali naye, za bere lina zimaima mpaka itabwerera thupi, ndipo ikamabwerera thupi ndi mu Febuluwale kapena Malichi, miyezi yapita kale.

Apa mpomwe ndinanena mfundo yanga yeniyeni, yomwe mpaka lero ndimauza aliyense wondifunsa. Ndinati tisayambe ndi kugula nkhunzi. Ndikudziwa kuti nonse mwabwera kudzamva za nkhunzi ya mtundu wa Bulamani, ija ya linunda lalikulu, makutu olendewera, koma nkhunzi ya gulu ikabwera tisanakonze chakudya chake imakhala ya aliyense pokwera, pa kudya ilibe mwini. Ndinaiona ine nkhunzi yotero ku gulu lina la kutsidya kwa Shire, inabwera yonenepa bwino, anthu kumaizunguliza khola ndi khola sabata imodzi imodzi, aliyense kuganiza kuti ikadya kwa mnzake, pofika Disembala inali yosatha ngakhale kukwera, anaigulitsa kwa a butchala pa mtengo wolira. Nde ife tiyambe ndi madeya ndi malamulo, nkhunzi ibwere pomaliza.

Kenako ndinatenga choko ndi kuwerengera pa bolodi ya ku tchalitchi komwe timakumana. Mwa ife 18, ng'ombe zazikazi zofika msinkhu woswa zinalipo 26. Nambala imeneyi ndi yofunika chifukwa nkhunzi yokhwima imodzi imakwanitsa zazikazi 25 mpaka 30, kupitirira apo mukuipha, ndipo ikakhala yaing'ono ya zaka ziwiri isapitirire 15 chaka choyamba. Nde ife nkhunzi imodzi imatikwanira ndendende, bola tisatsegule chitseko kuti mudzi wonse uzibweretsa.

Nkhunzi yolemera makilo 450 imadya chakudya chouma pafupifupi makilo 11 pa tsiku. Pa makilo amenewa, 9 akhale udzu ndi mapesi, 2 akhale madeya osakaniza. Makilo 2 tsiku lililonse kwa masiku 365 ndi makilo 730 pa chaka. Zazikazi zija sizikufuna madeya chaka chonse ayi, nthawi ya dzinja msipu ulipo wokwanira, zikufuna thandizo miyezi inayi yokha, Seputembala mpaka Disembala, masiku 120, kilo imodzi pa tsiku iliyonse. Ng'ombe 26 kuchulukitsa ndi makilo 120 ndi makilo 3,120. Kuphatikiza ndi za nkhunzi zija tikufika 3,850, nde tingoti matani 4 kuti zotayika pansi ndi zodyedwa ndi makoswe zikhale momwemo.

Nditalemba matani 4 anthu anachita phokoso, mayi wina mpaka anati a bambo inu mukufuna titsegule chigayo kapena. Koma ndinati taonani bwino, pa munthu wa ng'ombe imodzi yaikazi ndi makilo 120 a ng'ombe yake ndi makilo 28 a gawo lake pa nkhunzi, chifukwa 730 kugawa kwa ng'ombe 26 ndi 28. Zonse sizikufika olo makilo 150 pa chaka, ndipo chomwe ukugula ndi makilo amenewo ndi mwana wa ng'ombe. Ndi ndani pano angakane kusinthanitsa makilo 150 a madeya ndi thole? Palibe anayankha, koma nkhope zinasintha.

Chifukwa chogulira pamodzi ndinachifotokoza motere. Madeya amatchipa mu Juni ndi Julaye pamene anthu kumtunda akolola ndipo zigayo zikukonola usana ndi usiku, amakwera mtengo kuyambira Okutobala pamene tonse a ng'ombe, a nkhumba, a nkhuku tikuwalimbirana, ndipo chaka cha njala anthu amawadyanso okha. Kuno kuchigwa chimanga chathu nchochepa, ambiri timadalira mapira ndi mchewere ndi chimanga cha kudimba, nde zigayo zathu sizingatipatse matani 4, pamafunika kukwera Thabwa kukatenga kumtunda. Munthu mmodzi kupita yekha kukatenga matumba anayi, thiransipoti yokha imadya phindu lonse. Koma matani 4 ndi lole imodzi ulendo umodzi, ndipo ukafika pa chigayo ndi kunena kuti nditenga zonse zili m'nyumbamo, mwini wake amakumvera pa mtengo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinatsindika kwambiri ndipo inunso musachiphonye: madeya musagule powerenga matumba. Thumba lomwe limalowa chimanga makilo 50 silingalowe madeya makilo 50, madeya ndi opepuka, ndipo kulemera kwake kumatengera yemwe anatsendera. Gulu ligule sikelo yakeyake yopachika, muziyeza pogula, muziyezanso pogawa. Mikangano yambiri ya m'magulu imayambira pa mawu akuti thumba langa linali losadzadza, sikelo imathetsa zimenezo zisanayambe.

Madeya okha amanenepetsa koma sakwanira pa zomanga thupi, nde timasakaniza ndi keke ya nthanga za thonje kapena ya mpendadzuwa, zotsala akafinya mafuta zija. Pa makilo 100 ife timaika madeya 80, keke 19, mchere 1. Pa matani 4 aja ndiye kuti madeya makilo 3,200, keke 760, mchere 40. Alangizi athu anaimirira apa ndi kuwonjezera kuti keke ya thonje ili ndi kapoizoni kena kachibadwa komwe ng'ombe yaikulu imakagonjetsa ikamadya pang'ono, koma nkhunzi ukaichulutsira mbewu yake imafooka, ndipo ana a ng'ombe omwe sanayambe kubzikula bwino osawapatsa. Pa muyeso wathu nkhunzi imadya keke yosafika theka la kilo pa tsiku, nde palibe vuto, koma munthu woisunga asamati poti ndi ya gulu ndiipatse keke yambiri isangalale. Ngati mwapeza ya mpendadzuwa, ya nkhunzi ikhale imeneyo.

Kusunga ndi nkhani inanso. Madeya ogula mu Julaye akuyenera kufika Disembala, ndipo a kuchigayo nthawi zambiri amakhala onyowa chifukwa pokonola amathira madzi. Ukawatsekera m'thumba choncho masiku ochepa amatentha, amaumbika zibuluma, amachita chuku ndi fungo lowawasa. Oterowo osapatsa ng'ombe, makamaka ya bere. Timawayanika kaye pa lona mpaka ukafumbata m'manja ndi kutsegula azingomwazika, kenako m'matumba, matumbawo pa thandala osati pansi, osagunda khoma. Mlungu uliwonse wina alowetse dzanja pakati pa thumba, mukamva kufunda tulutsani muyanikenso. Ndipo nyumba yosungira ikhale pamtunda, ife a kuno sitifunika kuuzidwa chifukwa chake, 2015, 2019, 2022 ndi 2023 tonse tinaona pomwe madzi amafika.

Mapesi a nkhunzi tinagwirizana kuti sagulidwa. Makilo 9 pa tsiku kwa masiku 120 ndi kupitirira tani imodzi pang'ono, nde membala aliyense amabweretsa ngolo imodzi ya mapesi a mapira kapena a chimanga akangokolola asanapse ndi moto wa osaka mbewa, timawaika pa chisanja pamthunzi. Ana amatolanso nyemba za nsangu zija zimagwa nthawi ya chilimwe, ng'ombe zimazikonda ndipo zimathandiza kwambiri. Mapesi akauma kwambiri timawadula ndi kuwaza madzi a mchere, tikapeza molasesi ndiye bwino kwambiri, imadya osasiya.

Nditamaliza za chakudya mpomwe ndinalowa za nkhunzi. Bambo wina anati bwanji tigule ya mkaka ija yakuda ndi yoyera ngati za ku Thyolo ndi ku Bvumbwe. Ndinati bambo, kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ng'ombe ija inazolowera kozizira, kuno izingopuma wefuwefu pamthunzi, nkhupakupa ziimaliza isanakwere olo zisanu. Ife msika wathu ndi wa nyama ndi ngolo, tikufuna ana okula msanga, a thupi, opirira dzuwa. Bulamani wosakanizika ndi zathu zamakolo ndi amene amatha kuno. Ndinatinso tisathamangire chinkhunzi chachikulu kwambiri, chifukwa misoti yathu yamakolo ndi yaing'ono, ikakweredwa ndi chimphona mwana amakula m'mimba ndi kukanika potuluka, umataya mayi ndi mwana yemwe. Lamulo lathu ndi lakuti msoti womwe sunafike pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thupi la mayi wake usapite kwa nkhunzi, olo utaonetsa kuti ukufuna.

Pokagula anapita anthu atatu ndi alangizi. Zoyang'ana ndinazinena pamsonkhano pomwepo kuti aliyense adziwe chomwe ndalama yake ikukagula. Choyamba mano, osati zomwe akuuza mwini wake. Ng'ombe ikakhala ndi mano aakulu awiri kapena anayi kutsogolo kunsi ndiye kuti ili pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu ndi theka, imeneyo ndi yogula, ikakhala kuti onse 8 ndi aakulu ndipo ayamba kuperepeseka ndiye mukugula nkhalamba. Kenako machende, pepani amayi koma ndi pomwe pali ntchito yonse, akhale awiri ofanana, olimba bwino osati ofewa kapena otupa, ukazunguliza chingwe pomwe pali potakata pafike masentimita 30 kapena kupitirira. Miyendo yakumbuyo ndi ziboda zikhale zowongoka chifukwa pokwera thupi lonse limatsamira pamenepo, muiyendetse muione. Chikopa cha pamchombo chisalendewere kwambiri, ma Bulamani ena amatero ndipo minga ya kuno imawabaya pamenepo mpaka kutupa. Ndipo mufunse kuona mayi wake ndi abale ake, komanso mufunse anthu oyandikana nawo ngati m'khola limenelo ng'ombe zimataya mabere.

Funso lomalizali ndi lalikulu chifukwa nkhunzi ya gulu ikhoza kukhala njira ya matenda. Alipo matenda omwe amayenda pokwerana, ng'ombe imaoneka ngati yatenga kenako patatha mwezi umodzi kapena iwiri yabwereranso kufuna nkhunzi, ndipo nkhunziyo siioneka kudwala olo pang'ono, imangotenga kwa iyi kupereka kwa iyo. Aliponso ena otayitsa bere litakula, cha m'ma miyezi 7, chotsalira chija nkukanirira, ndipo amenewa amagwiranso anthu kudzera mu mkaka wosawiritsa ndi pogwira mwana wotayikayo ndi manja. Nde tinalemba kuti ng'ombe yomwe yataya bere, kapena ikutuluka zonunkha kumbuyo, siyandikira nkhunzi mpaka alangizi ataiona ndi kuvomera. Ng'ombe za anthu omwe si mamembala sitilandira, olo abwere ndi ndalama m'manja. Anthu ena m'mudzi anatida nazo, amati ndife odzikonda, koma ine ndimaima pomwepo mpaka lero, wofuna alowe gulu atsate malamulo.

Tinagula kuchigwa konkuno, osati kutali. Mukudziwa kuti kuno matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri, makamaka madera oyandikana ndi nkhalango ya Lengwe komwe kuli njati, ndipo akabuka boma limatseka misika ndi kuyendetsa ziweto. Musapereke ndalama musanafunse ku ofesi ya zaulimi ngati njira ili yotsegula, ndipo kalata ya kwa vetenale yoyendetsera ng'ombe ndi kalata ya amfumu a komwe mwagula zikhale m'manja, ndi kuba kwa ng'ombe komwe kulipo kuno simungafune kufotokoza pa rodibuloko opanda pepala. Itafika tinaisunga payokha milungu itatu, kuipopera mankhwala a nkhupakupa, kuimwetsa a njoka za m'mimba, kuiyang'ana ngati ikudya bwino, kenako mpomwe inayamba ntchito.

Pomwe panavuta kwambiri pa msonkhano uja si pa ndalama ayi, ndi pomwe ndinati tinkhunzi tonse ta mamembala tithenedwe. Mkulu wina wa ng'ombe zambiri anaimirira ndi kunena kuti mwana wanga, khola lopanda nkhunzi si khola, bambo ako sakanalola zimenezi. Ndinawayankha mwaulemu kuti bambo, ndikumva, koma taganizani, tasonkha mbuzi zathu tagula nkhunzi yabwino, ng'ombe yanu yayamba kufuna usiku m'khola momwe muli kankhunzi kanu kaja, pofika m'mawa ndani wakwera? Mudzalipira ya Bulamani nkulandira mwana wa kankhunzi komweko, komwe mwinanso ndi mlongo wake wa ng'ombeyo. Ana ofooka, ochedwa kukula omwe tikudandaula aja ena amachokera pa kukwerana pachibale kumeneku. Ndipo yothena siitayika, imanenepa bwino, imakoka ngolo, pa msika imagulidwa bwino. A nyakwawa anathandizapo ponena kuti ayamba ndi khola lawo. Alangizi anabwera ndi chipano chawo chothenera chosatulutsa magazi chija, tinachita mwezi wozizira wa Juni. Mkulu uja sanathene yake imodzi, tinagwirizana kuti aipititse ku khola la mwana wawo kumudzi wina, ndipo anatero.

Nkhunzi yathu siiyendayenda. Ili ndi khola lake limodzi, pamtunda, lokhala ndi mthunzi ndi chomwera, chifukwa nthawi yotentha imamwa malita 50 kapena kupitirira pa tsiku. Pambali pake tinamanga kachipinda kena kolandirira yaikazi. Mwini ng'ombe ndi m'busa wake ntchito yawo ndi kuyang'ana m'mawa kwambiri asanatsegule khola ndi madzulo pobwera. Zizindikiro ndi zodziwika, imalira, siikhazikika, kumaliseche kumatupa ndi kutuluka chamadzi choyera chotamuka, koma chotsimikiza ndi chakuti zinzake zikaikwera imaima osathawa. Zathu zamakolozi nthawi imeneyi imakhala yaifupi, nthawi zina siifika ndi theka la tsiku ndipo kawirikawiri imayamba usiku, nde ukaiona m'mawa usati ndipita mawa ndikachoka kudimba, pita nayo nthawi yomweyo. Imagona komweko mpaka mawa lake kuti isakakumane ndi nkhunzi za anthu ena ku dambo.

Mlembi ali ndi kope lomwe amalemba tsiku, mwini ng'ombe, dzina kapena mtundu wa ng'ombeyo. Kope limeneli ndi lomwe limatiuza zoona. Ng'ombe ikapanda kutenga imabwereranso pakatha masiku 21, tingoti pakati pa 18 ndi 24, nde mwini wake amauzidwa masiku oti ayang'anitsitse. Ikapanda kubwerera, mlembi amawerenga masiku 283 kutsogolo, mwachitsanzo yokweredwa pa 1 Malichi timaiyembekezera cha pa 9 Disembala. Ikakhala ng'ombe imodzi yomwe yabwerera katatu pamene zinzake zatenga, vuto lili kwa iyo, mwina yaonda kapena ili ndi matenda m'chiberekero. Koma zikabwerera zambiri mwezi umodzi, yang'anani nkhunzi. Zinatichitikira chaka chachiwiri, nkhunzi inadwala matenda a nkhupakupa thupi kutentha kwambiri, inachira titaibaya jakisoni ndipo inayambanso kukwera bwinobwino, koma zinayi mwa zisanu zomwe inakwera zinabwerera. Anthu anayamba kunena kuti tiigulitse yatha ntchito. Alangizi anatiuza kuti mbewu ya nkhunzi imatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti ipangike, nde thupi likatentha kwambiri yomwe inali m'njira imaonongeka, dikirani miyezi iwiri ikudya bwino. Tinadikira, ndipo zinayi zija zinatenga zonse. Pakanapanda kope tikanagulitsa ng'ombe yabwino, kapenanso tikanamangonena eni ng'ombe kuti sasamala.

Za ndalama tinapanga chonchi. Sheya imodzi ndi mtengo wa mbuzi yaikulu imodzi pa msika tsiku losonkha, aliyense sheya imodzi, a ng'ombe zambiri anawonjezera yachiwiri mpaka ndalama ya nkhunzi inakwana. Ya chaka ndi chaka ya nkhunzi timaiwerengera pa ng'ombe osati pa munthu, ng'ombe yaikazi iliyonse imalipira mtengo wa makilo 50 a zosakaniza zija, 28 ndi chakudya cha nkhunzi, 22 otsalawo ndi a mankhwala ndi kangachepe ka woisamala. Sitinalembe ma kwacha m'malamulo dala, ndipo zinatithandiza chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, tikanalemba nambala bwenzi tikukangana mwezi ndi mwezi. Ndalama ya madeya imasonkhedwa pofika kumapeto kwa Juni, nthawi yomwe anthu agulitsa thonje ndi chitowe, wosapereka salandira madeya ndipo ng'ombe yake siilowa kwa nkhunzi, olo akhale a tcheya. Ndalama sizigona m'nyumba mwa msungichuma, ndipo pokatapa amasaina anthu awiri mwa atatu.

Tinalembanso za tsiku loipa lisanafike. Nkhunzi ikafa ndi matenda kapena madzi pamene woisamala anadziwitsa komiti msanga, ndi tsoka la tonse. Ikafa kapena kubedwa chifukwa woisamalayo anaisiya kunja usiku kapena anabisa kuti ikudwala, sheya yake imapita ndipo komiti imakamba naye za chotsala pamaso pa a nyakwawa. Kuikoketsa ngolo kapena khasu ndi koletsedwa. Izi muzikambe pamene nonse mukusekerana, nkhunzi itafa kale palibe amamva za mnzake.

Ena anafunsa kuti nanga kulembetsa koparetivi nkofunika chani, si tingokhala kalabu basi. Ndinati kalabu ilibe dzina pamaso pa lamulo, nkhunzi ndi akaunti zimakhala m'dzina la munthu, munthuyo akamwalira abale ake akhoza kunena kuti ndi chuma cha masiye ndipo mulibe pogwira. Koparetivi yolembetsedwa imakhala ndi katundu m'dzina lake, imatsegula akaunti, imasainirana ndi ogulitsa. Makoparetivi amalembetsedwa ku unduna wa zamalonda, pamafunika anthu osachepera 10, malamulo anu olembedwa, ndi zomwe munakambirana pa msonkhano wogwirizana zolembedwa bwino ndi mayina a mamembala. Yambirani ku ofesi ya zamalonda kwa DC ku Chikwawa kapena ku Nsanje, akuuzani za maphunziro omwe mumayenera kuchita kaye ndi mapepala ofunika. Chomwe chinakopa amayi ambiri ndi chakuti mu koparetivi munthu mmodzi voti imodzi, wa ng'ombe imodzi ndi wa ng'ombe khumi polankhula ndi ofanana. Koma musadikire satifiketi kuti muyambe kugula madeya, mapepala amatenga nthawi pamene Julaye sadikira, ife tinagula lole yoyamba tikadali kalabu, malamulo titasainirana kale.

Chaka choyamba sizinatenge zonse ayi. Nkhunzi inali yaing'ono nde tinaipatsa 15 zokha, tinasankha zomwe zinali ndi thupi labwino, ndipo 12 zinaswa. Chomwe chinadabwitsa anthu si kukula kwa ana kokha koma kuti ng'ombe zomwe zinadya kilo imodzi ija chilimwe chonse zinabwerera kwa nkhunzi patangotha miyezi itatu kapena inayi ziswereni, zomwe kale timadikira chaka.

Chomwe tikukonza pano ndi kusintha nkhunzi. Ana ake aakazi oyamba akafika pokweredwa, cha m'ma zaka ziwiri ndi theka, bambo wawo sayenera kukhalaponso, apo ayi tabwerera ku chibale chomwe tinathenera tinkhunzi tija. Kuwerenga kuyambira tsiku lomwe inayamba ntchito, ndi zaka zitatu basi. Nchifukwa chake pa mwana aliyense wobadwa mwini wake amaponya mtengo wa nkhuku imodzi ku thumba la nkhunzi yotsatira, kuti tikadzagulitsa iyi tidzangowonjezera pang'ono. Njira yotchipa kuposa apo ndi kusinthana ndi gulu lina lomwe nkhunzi yawo si yachibale ndi yathu ndipo ali ndi kope loonetsa kuti ng'ombe zawo sizitaya mabere, nde ngati gulu lanu lili mbali ya ku Bangula, Sorgin kapena Nchalo ndipo muyamba chaka chino, funsani komwe nkhunzi yanu inabadwira ndi kulemba m'kope tsiku lomwelo logula, chifukwa podzasinthana funso lathu loyamba lidzakhala limenelo.